Momwe mungadziwire ngati pulosesa ya rauta yakale ndiyo ikuchedwetsa intaneti ya faiba

Mwalipira intaneti ya faiba ya 500 Mbps, amisiri abwera, alumikiza waya, apita. Mukayeza liwiro mukupeza 230 Mbps basi, ndipo nambalayi sikusuntha kaya ndi m'mawa kaya ndi pakati pa usiku. Ambiri akafika apa amathamangira kuimbira foni kampani ya intaneti, ena amakagula rauta yatsopano. Musanatero, dziwani kuti rauta yokha ikhoza kukuuzani ngati yalemedwa, bola muiyang'ane pa nthawi imene ikugwira ntchito.

Chimene chimalemetsa rauta n'chakuti zinthu pa intaneti zimayenda m'timapaketi ting'onoting'ono, kalikonse kosapitirira mabayiti pafupifupi 1,500. Kuti mufike pa 500 Mbps, rauta iyenera kudutsitsa timapaketi toposa 41,000 pa sekondi iliyonse. Kalikonse imakayang'ana, kusintha adiresi yake kuti kafike pa kompyuta yoyenera m'nyumba mwanu, kuonanso ngati n'kololedwa kulowa. Zili ngati kalaliki mmodzi amene akudinda ziphaso pachipata: msewu ungakule bwanji, anthu adutsa pa liwiro la dzanja lake. Pulosesa ya rauta ndiye kalalikiyo.

Tigwiritsa ntchito chitsanzo cha TP-Link Archer C7 v2, rauta imene inagulidwa kwambiri ndipo ikadali m'nyumba ndi m'maofesi ambiri. Madoko ake onse ndi a gigabiti, koma pulosesa yake ndi ya mutu umodzi, kutanthauza kalaliki mmodzi yekha, yothamanga pa 720 MHz. Manambala a liwiro amene ndikutchula ndi ongoyerekezera kuti nkhani imveke, anu adzasiyana.

Choyamba, chotsani waifai pa nkhaniyi

Kuyeza ndi foni pa waifai sikungakuuzeni chilichonse chokhudza pulosesa, chifukwa makoma, mtunda ndi marauta a anthu oyandikana nawo zimadya liwiro paokha. Tengani laputopu, zimitsani waifai yake, muilumikize ndi waya ku limodzi la madoko a `LAN`. Zipangizo zina zonse zichotseni kaye, kuphatikizapo wailesi yakanema ndi makamera.

Kenako onani liwiro limene laputopu ndi rauta zagwirizana. Pa Windows tsegulani PowerShell mulembe:

```
Get-NetAdapter
```

Pansi pa `LinkSpeed` payenera kuoneka `1 Gbps`. Pakaoneka `100 Mbps`, imani pomwepo, vuto mwalipeza kale ndipo si pulosesa. Gigabiti imafuna timawaya tonse 8 ta mkati mwa waya wa netiweki, ndipo kamodzi kakaduka kapena kakapanda kugunda bwino, zipangizo nthawi zambiri zimatsikira ku 100. Onaninso waya wochokera ku kabokosi ka faiba kupita ku doko la `WAN`, chifukwa umenewu anthu amauiwala. Marauta ena otchipa madoko awo ndi a 100 Mbps kuchokera kufakitale. Chizindikiro chake n'chosavuta: liwiro limaima pa 94 kapena 95 Mbps ngati lagunda khoma. Momwemonso doko la gigabiti silipitirira pafupifupi 940 Mbps, choncho amene ali ndi faiba ya 1,000 Mbps asadandaule akaona 940.

Chachiwiri, yezani popanda rauta

Zulani waya wa `WAN` ku rauta muulowetse mwachindunji mu laputopu, kuti laputopu ilankhulane ndi kabokosi ka faiba popanda mkhalapakati. Makampani ena amapereka adiresi yokha basi, ndipo intaneti imabwera nthawi yomweyo, kapena mukazimitsa kabokosiko n'kukayatsanso. Ena amagwiritsa ntchito `PPPoE`, ndiye mufunika dzina ndi pasiwedi zimene anaika mu rauta, n'kupanga kulumikiza kwatsopano kwa mtundu umenewu pa laputopu. Pali enanso amene amafuna nambala ya `VLAN`. Zimenezi mukhoza kuzifunsa kwa kampani yanu kapena kuziona pa tsamba la zosintha za rauta.

Yezani katatu pa Speedtest, tsamba loyezera liwiro la intaneti, seva yomweyomweyo nthawi zonse, makamaka yapafupi. Lembani zotsatira. Bwezerani rauta, yezaninso katatu. Tiyerekeze kuti popanda rauta mwapeza 480 Mbps, ndipo ndi rauta mwapeza 230. Apa kampani ya intaneti yatuluka m'mlandu, laputopu nayonso yaonetsa kuti ikhoza kufika 480. Watsala ndi rauta. Mukanapeza 230 konsekonse, bwenzi tikuloza chala kwa kampani kapena laputopu yanu. Mukamaliza kuyeza musaisiye laputopu italumikizidwa choncho, chifukwa imakhala ili poyera pa intaneti popanda chitetezo cha rauta.

Chachitatu, ionereni pulosesa ikugwira ntchito

Apa ndiye pagona nkhani. Kudziwa kuti rauta ndiyo ikuchedwetsa sikutanthauza kuti pulosesa ndiyo yalephera, mwina pali malire a liwiro amene munthu wina anaika kalekale n'kuiwala. Umboni weniweni ndi kuona pulosesa itadzaza pa nthawi yomweyo imene liwiro laima.

Ngati rauta yanu ili ndi OpenWrt, pulogalamu imene ena amaika mu rauta m'malo mwa ya kufakitale, lowani motere kuchokera mu PowerShell, mzere wachiwiri muulembe mukalowa:

```
ssh root@192.168.1.1
top -d 1
```

Pamwamba muona mzere woyamba ndi `CPU:`. Pa manambala onsewo, awiri okha ndiwo ofunika. `idle` ikusonyeza gawo la nthawi imene pulosesa ikungokhala, pamene `sirq` ikusonyeza nthawi imene ikuthera pa ntchito monga kudutsitsa timapaketi tija. Rauta ikakhala phee, `idle` imakhala pamwamba pa 90%. Siyani zenera limeneli lili lotsegula, muyambitse Speedtest pa zenera lina, maso anu akhale pa mzere uja.

Mukaona zonga izi pa nthawi imene liwiro laima pa 230, mlandu watha:

```
CPU:   1% usr   3% sys   0% nic   0% idle   0% io   0% irq  95% sirq
```

Pulosesa ilibenso mpata. Nthawi zambiri muonanso `ksoftirqd/0`, imene imagwira ntchito ya `sirq` ikachuluka, itakwera pamwamba pa mndandanda wa mapulogalamu. Koma liwiro likaima pa 230 pamene `idle` ikadali pa 60%, pulosesa ya mutu umodzi ngati ya Archer C7 ndi yosalakwa, kafufuzeni kwina.

Ndanena dala kuti ya mutu umodzi, chifukwa apa pali msampha. Pa rauta ya mitu iwiri, `top` imaphatikiza mitu yonse n'kupereka nambala imodzi. Mutu umodzi ukhoza kudzaziratu pamene winawo ukugona, inu n'kuona `idle` ya 50% n'kuganiza kuti zonse zili bwino. Pa mitu inayi, mutu umodzi wodzaza umaoneka ngati ntchito ya 25% yokha, `idle` n'kukhala pa 75%. Choncho mukaona `sirq` ikukakamira pa theka kapena pa gawo limodzi mwa magawo anayi, ikani `htop`, imene imaonetsa mutu uliwonse pawokha.

Marauta ambiri amene ali ndi pulogalamu ya kufakitale salola kulowa motere. Ena, monga a Asus, amaonetsa ntchito ya pulosesa pa tsamba lawo la zosintha, ndipo mukhoza kuliyang'ana pamene mukuyeza. Ngati yanu ilibe, pali chizindikiro china: pa nthawi yoyeza liwiro yesani kutsegula tsamba la rautayo. Likamachedwa kwambiri kapena kukana kutseguka, kenako n'kutseguka msanga kuyeza kukangotha, ndiye kuti pulosesa inalibe nthawi yokuyankhani. Umboni umenewu ndi wofooka poyerekeza ndi `top`, koma ukaphatikizidwa ndi zotsatira za gawo lachiwiri umakwanira.

Amene ali ndi makompyuta awiri akhoza kuyesa rauta popanda intaneti n'komwe. Kompyuta yoyamba ilumikizeni ku doko la `WAN` muipatse adiresi `192.168.50.1`, mbali ya `WAN` ya rauta muipatse `192.168.50.2`, ndipo kompyuta yachiwiri ikhale ku `LAN`. Pa makompyuta onse awiri ikani `iperf3`, pulogalamu yoyezera liwiro pakati pa makompyuta. Lamulo loyamba ndi la kompyuta ya ku `WAN`, lachiwiri la ku `LAN`:

```
iperf3 -s
iperf3 -c 192.168.50.1 -R -t 30 -P 4
```

Osalumikiza makompyuta onse awiri ku madoko a `LAN`. Mukatero timapaketi timangodutsa m'kachipangizo kolumikiza madokowo osafika ku pulosesa, ndipo mupeza 940 Mbps ngakhale pa rauta yofooka. Osayendetsanso `iperf3` pa rauta penipenipo, chifukwa pulogalamuyo idya mphamvu imene mukufuna kuyeza. Kumbukiraninso kuti mayesowa alibe `PPPoE`, imene imawonjezera ntchito pa paketi iliyonse, ndiye pa faiba yeniyeni nambala ikhoza kutsikirapo.

Chachinayi, ipepuzeni muone ngati liwiro likwera

Musanaitaye rautayo, onani zimene yasenza. Zolemera kwambiri ndi zogawa liwiro pakati pa zipangizo, zimene pa tsamba zimalembedwa `QoS` kapena `SQM`, komanso `VPN` yoyendera pa rauta ndi zowerengera mmene chipangizo chilichonse chikugwiritsira ntchito intaneti. Zimitsani chimodzi, yezani, lembani, kenako china. Mukazimitsa zonse pakamodzi simudziwa chimene chinali kulemera.

Marauta ambiri ali ndi njira yachidule imene timapaketi ta kulumikizana kodziwika kale timadutsa osafufuzidwanso kuyambira pachiyambi. Pa marauta ena a TP-Link imatchedwa `NAT Boost`, ndipo siyendera limodzi ndi `QoS`: mukayatsa chimodzi, chinacho chiyenera kuzima. Anthu ambiri anayatsa `QoS` pa nthawi imene intaneti yawo inali ya 10 Mbps, pomwe zinali zothandiza, ndipo faiba itabwera anaiwala. Pa OpenWrt njirayi ili pa `Network`, kenako `Firewall`, pa mzere wa `Software flow offloading`. Kapena lembani:

```
uci set firewall.@defaults[0].flow_offloading='1'
uci commit firewall
/etc/init.d/firewall restart
```

Yezaninso muli kuyang'ana `top`. M'chitsanzo chathu, tinene kuti liwiro lakwera kufika 470 ndipo `idle` ili pa 15%. Ndiye kuti pulosesa inalidi yothina, koma tsopano ikukwanitsa, ngakhale mpata watsala wochepa. Waifai nayo imadya pulosesa yomweyo, choncho mafoni akabwerera pa netiweki nambala ikhoza kutsika pang'ono.

Kwa ine, kusintha rauta kumakhala koyenera pa zifukwa ziwiri. China ndi pamene mwazimitsa zonse, mwayatsa njira yachidule, koma `idle` ikadali pa 0% liwiro lisanafike pa limene mumalipira. Chinanso ndi pamene `SQM` kapena `VPN` mukuifunadi, monga mu ofesi imene anthu amachita misonkhano ya pa kanema tsiku lonse, chifukwa pulosesa ya 720 MHz singazisenze pa 500 Mbps. Pogula yatsopano musakopeke ndi nambala yaikulu ya pa katoni monga `AC1750`, imeneyo ndi ya waifai, yophatikiza 450 ndi 1,300, ndipo sikunena kanthu za pulosesa. Funsani mitu ya pulosesa ndi liwiro limene imakwanitsa kuchokera ku `WAN` kupita ku `LAN`, makamaka pa `PPPoE` ngati ndiyo kampani yanu imagwiritsa ntchito. Yakaleyo ikhoza kukhala chipinda china n'kumangofalitsa waifai, ntchito yosintha maadiresi ndi kuteteza netiweki itapita kwa yatsopano.