Pepala lolembapo ana akamaonera nyemba zikumera

Aphunzitsi ambiri a sitandade 2 ndi 3 amadzalitsa ana nyemba m'mabotolo, koma pepala lolembapo zomwe akuona ndi pomwe zinthu zimasokonekera. Mwana umamupatsa pepala loyera nkumuuza kuti jambula mbewu yako, tsiku lachiwiri lomwelo akujambulirani mtengo wa masamba ndi maluwa omwe pamene m'botolomo nyemba yangotupa basi. Iyeyo wajambula nyemba yomwe amaidziwa kumunda kwa amayi ake, sanayang'ane n'komwe. Ndiye pepalalo lipangidwe moti lizimukakamiza mwana kuyang'ana.

Dulani botolo la pulasitiki loonekera mkati, mukulunge nyuzipepala m'katimo mozungulira, pakati muthiremo mchenga wonyowa, nyembazo muzilowetse pakati pa pepala ndi botolo kuti muzu uzioneka. Gulu lililonse nyemba 10, mabotolo awiri zisanu zisanu. Tengani nyemba za panyumba zopanda mabowo a anankafumbwe komanso zosathira mankhwala. Mbewu yogula yopakidwa utoto ija ayi ndithu, ili ndi mankhwala ndipo ana amaika zala kukamwa. Ine ndimakonda kuti muviike Lachinayi madzulo mudzale Lachisanu, masiku oti palibe chooneka agwere pa wikendi, Lolemba akabwera apeze kamuzu koyera katulukira.

Pepalalo lijambuleni pa bolodi ana akopere mu kope, fotokope siyofunika. Pamwamba dzina la gulu, mtundu wa mbewu, deti lodzalira ndi malo omwe botolo likukhala. Kenako mizere, tsiku lililonse mzere wake, ndipo mzerewo ukhale ndi mabokosi anayi okha: tsiku lachingati, zamera zingati mwa 10, kutalika, ndi bokosi lalikulu lojambulamo. Mukachulutsa mabokosi mwana wa zaka 8 amangodzazamo zilizonse kuti amalize.

Pa bokosi la zamera zingati mugwirizane kaye kuti kumera ndi chani, apo ayi gulu lina liziwerenga yotupa lina likudikira masamba. Auzeni kuti yamera ikatulutsa muzu. Muzu ndi umene umayamba, ndipo ana ambiri amadabwa nazo poti amaganiza kuti tsamba ndiye loyamba. Tinene kuti gulu lalemba tsiku 3 zamera 4, tsiku 5 zamera 7, tsiku 7 zamera 8, tsiku 10 zikadali 8. Apa afunseni za ziwiri zotsalazo, azitulutse azikanikize ndi chala. Ikakhala yofewa yonunkha ndiye kuti yaola, kawirikawiri madzi anachuluka nyemba inasowa mpweya. Ikakhala gwa ngati mwala madzi sanalowe mkati mwake. Kuwerenga komweku ndi kumene timauza alimi kuti achite ndi mbewu yosunga mvula isanagwe, 8 mwa 10 ndi mbewu yabwino, 5 mwa 10 asaidalire.

Kutalika ndiye kumavuta kwambiri. Ana amayamba kuyeza pa 1 m'malo mwa 0, wina lero ayezera pansi pa botolo mawa pamwamba pa mchenga, manambala nkumaoneka ngati mbewu yafupika. Lembani kamzere pa botolo ndi maka pomwe pali nyembayo, aliyense aziyambira pamenepo, ndipo asankhe nyemba imodzi yoyeza nthawi zonse ayiike chizindikiro. Kwa ang'onoang'ono isiyeni rula, adule kaudzu kofanana ndi mbewuyo amate pa pepala, maudzuwo akandandalikana kukula kumaoneka kokha. Tsiku loti palibe chasintha alembe kuti palibe chasintha, musawachotsere malikisi, chifukwa mukatero mawa ayamba kupeka.

Botolo limodzi muliike m'katoni yotseka. Pakatha sabata ndi theka mbewu ya mu mdima imakhala yaitali kuposa ya pawindo ndiye ana amakuwa kuti yawina, manambala nawo akuvomereza. Apa ndi pomwe bokosi lojambula limagwira ntchito, muwapatse makrayoni awiri wobiriwira ndi wachikasu, aone okha kuti yaitaliyo ndi yachikasu, yoonda, ikugwa yokha chifukwa imangothamangira kufuna kuwala. Mabotolo onse awiri alandire madzi ofanana, zotsekera botolo ziwiri patsiku zimakwana mchenga ukayamba kuuma.

Ngati mukuchita izi mu Juni kapena Julaye jambulani mizere ya masiku 14 osati 10, kukazizira nyemba imachedwa kudzuka ndipo ana asaganize kuti zawo zafa nkuzitaya pa tsiku lachinayi.