Kusunga mkaka wa m'mawere wofinya

"Ndabwerera kuntchito ndipo ndikumafinyiratu mkaka wa mwana. Ndiziusunga pa kutentha kotani, kwa nthawi yaitali bwanji?"

Mukafinya, thirani m'botolo loyera lotsekeka ndipo lembanipo tsiku ndi nthawi. M'chipinda chosapitirira madigiri 25, mkakawo ukhala maola 4 basi. Kukatentha kwambiri, musaudikiritse.

Mufiriji pakhale madigiri 4 kapena kutsika, ndipo umakhala masiku 4. Ikani botolo kumbuyo kwenikweni, osati pachitseko, chifukwa pamenepo pamafunda mukamatsegulatsegula. Mwachitsanzo, wofinya Lolemba m'mawa mwana amwe pasanafike Lachisanu m'mawa. Mukaona kuti sautha, uumitseni mufiriza tsiku lomwelo.

Mufiriza pakhale madigiri 18 pansi pa ziro. Ndi bwino kuugwiritsa ntchito isanathe miyezi 6, ngakhale mpaka 12 ndi wololedwabe. Musadzazitse botolo, poti mkaka umafufuma ukauma.

Posungunula, ugonekeni mufiriji kapena viikani botolo m'madzi ofunda. Ukasungunukiratu, khalani nawo mufiriji maola 24 okha, ndipo musauumitsenso. Mafuta akayandama pamwamba musadandaule, ingozungulitsani botolo pang'onopang'ono. Koma umene mwana wasiya m'botolo, tayani pakadutsa maola 2.