Kagulidwe ka jinzi yachimuna yoti avale mayi: yambirani m'mahipi

Amayi ambiri kuno ku Zomba ayamba kukonda majinzi ndi mabuluku achimuna, makamaka ogwira ntchito zoyendayenda ndi atsikana a ku Chanco. Nsalu yake imakhala yolimba, matumba ndi akuya oti foni imalowa yonse, ndipo pa kaunjika nthawi zambiri mupeza yabwino msanga. Vuto limabwera pa saizi. Nambala yolembedwa pa jinzi yachimuna imanena za chiuno chokha, pomwe kwa mayi chimene chimalamula kuti buluku lilowe ndi mahipi.

Choyamba dziwani zomwe zalembedwa. Mukaona W32 L30, ndiye kuti chiuno ndi mainchesi 32, ndipo mwendo, kuyambira pamphanda mpaka kumapeto, ndi mainchesi 30. Nambala za amayi monga 12 kapena 14 si muyeso wa chilichonse pathupi, n'chifukwa chake palibe samu yosinthira 14 kukhala W yakutiyakuti. Komanso 12 ya ku Britain ndi 8 ku Amerika, ndipo m'belo limodzi zonsezi zimasakanikirana. Mabuluku achimuna ochokera kumayiko ena a ku Ulaya amalembedwa 48 kapena 50. Pamenepo chotsani 16: 48 ili ngati W32, 50 ili ngati W34.

Chachiwiri, tengani tepi muyeze mwini chovala. Musanayeze, yang'anani tepiyo kaye. Inchi imodzi ndi masentimita 2.54, choncho 10 wa mbali ya mainchesi ayenera kugwera pafupi ndi 25 wa mbali inayo. Pali matepi ena otchipa omwe mbali yooneka ngati ya mainchesi ili ndi muyeso wina wa ku China, ndipo 10 wake amagwera pa masentimita 33. Ogulitsa ena sadziwa n'komwe, amangoti tepi ndi tepi. Yoteroyo ikuuzani kuti munthu ndi wochepa kuposa mmene alili, isiyeni.

Yezani malo awiri. Chiuno yezani pomwe lamba adzakhale, chifukwa jinzi yachimuna imakhala m'munsi pang'ono mwa mchombo. Kenako yezani mahipi pamalo otambalala kwambiri, mapazi ali pamodzi, tepi isalendewere kumbuyo. Chitenje achotse, chimawonjezera.

Tsopano gawo lomwe ndikufuna tilimvetse bwino. Pamsika tonse timadziwa njira yozunguliza chiuno cha buluku m'khosi: nsonga zikakumana, ndiye kuti likwana. Kwa abambo njirayi imathandiza ndithu. Ine ndinaidalira pogulira mng'ono wanga jinzi pamsika waukulu wa m'tauni. Inakumana bwino m'khosi mwake, wogulitsa nayenso anati ndi yake yeniyeni, koma kunyumba inakakanira pamwamba pa ntchafu, osakwera ngakhale pang'ono. Kubweza kunakanika, paja za kaunjika ukachoka nazo pamalo zatha.

Chifukwa chake ndi kadulidwe. Buluku lachimuna amalidulira thupi lomwe mahipi amaposa chiuno ndi mainchesi 6 kapena 7 basi. Amayi ambiri kusiyanaku kumafika mainchesi 10, ena kupitirira. Khosi limayeza chiuno chokha, za mahipi silikuuzani kanthu. Ndiye siyani nambala ya chiuno, tengani ya mahipi muchotsepo 7. Yotsalayo ndiyo W yoyambira kufunafuna.

Mng'ono wangayo chiuno chake chenicheni, pochepetsetsa paja, ndi 30, ndipo mahipi ndi 41. Ya W30 inali yosatheka. Tikachotsa 7 pa 41 tipeza 34, ndipo W34 ndiyo imamulowa. Poyamba ankakana kumva nambala imeneyi, ati ikumukulitsa, koma nambalayo ikungonena za mwamuna yemwe buluku linasokedwera.

Komabe musakhulupirire kachikwangwani kokha. Jinzi ya kaunjika inachapidwa kambirimbiri, ina inafota, ina mwini wake woyamba anaibwezetsa kwa telala. Makampani nawonso amasiyana kadulidwe. Choncho mangani batani, tsekani zipi, yalani jinzi pansi mosalala, ndipo yezani mopingasa pomwe zipi yathera. Nambala imeneyo chulukitsani kawiri. Munthu wa mahipi 41 amafunika mpata wa inchi imodzi kapena ziwiri kuti athe kukhala pansi ndi kukwera kabaza, ndiye pakufunika 42 kapena 43, kutanthauza kuti pansipo tepi iwerenge 21 kapena 21 ndi theka. Ikawerenga 20, musaigule ngakhale mtengo utsike bwanji. Chokhacho chomwe chingaipulumutse ndi nsalu yotamuka, ndipo achimuna ambiri akale satamuka. Ikokeni ndi manja mumve.

Yezaninso ntchafu, m'munsi pang'ono mwa pamphanda, n'kuchulukitsa kawiri, muyerekeze ndi ntchafu ya mwini. Majinzi othina miyendo aja timati sikini amakanira pamenepa ngakhale mahipi atakwana. Funani owongoka kapena otakasuka. Ndipo samalani ndi ogulitsa amene amakokera jinzi m'mbali mukamayeza kuti ioneke yaikulu, kapena amene akuti "ndi yuniseksi, aliyense imamukwana". Zambiri zotchedwa yuniseksi zinadulidwa pa muyeso wachimuna. Yezani nokha, ndi tepi yanu.

Jinzi ikalowa m'mahipi, chiuno chidzatsala chachikulu, chidzayasama kumbuyo. Zimenezi n'zoyembekezeka ndipo zimakonzeka. Telala akhoza kubweza chiuno, koma sangakulitse mahipi a jinzi, poti mulibe nsalu yosungira m'misoko. Pitani mutaivala kuti akaike mapini ili pathupi. Mainchesi awiri angachotsedwe pamsoko wapakati kumbuyo popanda vuto. Akapitirira pamenepo matumba akumbuyo amayandikana mpaka kuoneka moipa, ndiye muuzeni agawe: pang'ono pakati, kwina aike timadati tiwiri pamwamba pa matumba. Kwa mng'ono wanga panachoka pafupifupi mainchesi atatu mwanjira imeneyi. Si telala aliyense wapakhonde amene makina ake amaboola nsalu ya jinzi pomwe yapindana, choncho funsani kaye ngati ali ndi singano yokhuthala. Mtengo wa telala muuwerengeretu pokambirana ndi wogulitsa. Amene akufuna njira yachidule angopempha kuti alowetse lasitiki m'chiuno chakumbuyo, n'kotchipa ndipo kumagwira.

Za kutalika musadandaule, kudula n'kosavuta. Ingochapani kaye musanadule. Koma khalani pansi mutavala muone kutsogolo: nsalu ikatukumuka kwambiri pa zipi, ndiye kuti pamphanda ndi patali, ndipo kukonza pamenepo n'kovuta kuposa kugula ina.

Zakumtunda n'zosavuta. Pa tisheti, juzi ndi majekete a nyengo ya chisanu ya Juni ndi Julayi, tsikani chilembo chimodzi: wovala L yachikazi ayambire pa M yachimuna. Yalani chovala, yezani kuchokera kukhwapa kufika kukhwapa linalo. Wa chifuwa cha 38 afune 20 kapena 21. Onaninso m'munsi, chifukwa zachimuna zimatsika mowongoka ndipo jekete lalitali limatha kukana kutseka pamahipi. Pa shati ya kolala, 15 kapena 16 ndi muyeso wa khosi m'mainchesi, kwa mayi sithandiza kwenikweni. Ngati mukukayika kuti shati ndi yachimuna kapena yachikazi, onani mabatani: yachimuna ali kudzanja lamanja la wovala, yachikazi kumanzere.