Msambo ukamakugonetsani osapita kuntchito: momwe mungamwere mankhwala ndi nthawi yothamangira kuchipatala

Mwana wa achimwene anga amaluka tsitsi mu saluni ina m'tauni muno mu Harare, ndipo malipiro ake amawerengera mitu imene waluka. Mwezi uliwonse ankataya masiku awiri. Tsiku loyamba la kumwezi ankangopindika pabedi ku Mufakose, akusanza, msana ndi ntchafu zikuphwanya, moti zokwera kombi zinali zosatheka. Anzake achishona ankamuuza kuti ndi jeko, dzina lawo la ululu wa msambo, lidzatha akadzabereka. Nditamufunsa zimene amamwa, anati: "Azakhali, bulufeni sandigwira. Ndimamwa mmodzi ululu ukafika posapiririka." Vuto linali pamenepo. Mankhwala anali oyenera, koma ankachedwa nawo ndipo mlingo unali wochepa.

Msambo ukamayamba, khungu la mkati mwa chiberekero limatulutsa timadzi totchedwa pulositagilandini. Timadziti ndi timene timafinyitsa chiberekero kuti magazi atuluke, ndipo tikachuluka chimafinya mopitirira, n'kubweretsanso nseru ndi kutsegula m'mimba. Bulufeni, amene dzina lake la kuchipatala ndi aibupulofeni, amaletsa thupi kupanga timadziti, koma sachotsa timene tapangidwa kale. Mukadikira kuti ululu ukule, mankhwala amapeza ntchito yawonongeka.

Choyamba tsono ndi kudziwa tsiku lanu. Lembani pa kalendala tsiku limene magazi ayamba, mwezi ndi mwezi. Mtsikana wathuyu anapeza kuti amasamba pakatha masiku 29 kapena 30, choncho kuyambira tsiku la 28 mapiritsi amakhala m'chikwama pamodzi ndi mapadi.

Chachiwiri, imwani mukangoona dontho loyamba la magazi kapena kumva kukoka koyamba m'munsi mwa mchombo, chilichonse chimene chayamba. Munthu wamkulu amamwa mamiligalamu 400 nthawi imodzi. Yang'anani pa paketi, chifukwa mapiritsi ena ndi a 200, ndiye mumwa awiri, ena ndi a 400, mumwa limodzi. Bwerezani pakatha maola asanu ndi atatu, kutanthauza katatu pa tsiku, ndipo musapyole mamiligalamu 1,200 pa tsiku pokhapokha adokotala atanena. Apa ndi pamene ambiri amaphonya: ululu ukachepa masana amasiya, usiku n'kudzuka akubuula. Pitirizani mwa ndondomeko kwa masiku awiri kapena atatu oyambawo, kenako siyani. Nthawi zonse yambani mwadya, ngakhale phala lochepa kapena buledi ndi tiyi, chifukwa mankhwalawa amakanda m'mimba.

Ululu ukatsalirabe, mutha kuwonjezera panado, mapiritsi awiri a mamiligalamu 500, osapyola kanayi pa tsiku. Chimene simuyenera kuchita ndi kuphatikiza bulufeni ndi asipirini, dikulofenaki kapena indosidi. Onsewa ndi a banja limodzi, ndipo kuwasanjikiza sikuchotsa ululu kawiri, kumangoboola m'mimba.

Si aliyense angamwe bulufeni. Ngati muli ndi zilonda za m'mimba, matenda a impso, mphumu imene imadzuka mukamwa asipirini, kapena mukukayikira kuti muli ndi pakati, musamwe. Amene ali pa mankhwala otalikitsa moyo kapena a kuthamanga kwa magazi ayambe afunsa anesi ku kiliniki kumene amalandirira, popeza ena mwa mankhwalawo amalemetsanso impso. Chimbudzi chikada ngati phula la pamsewu, siyani pomwepo mupite kuchipatala, ndi magazi amenewo.

Chachitatu ndi kutentha, kumene ambiri amakupeputsa pomwe kumathandiza zedi. Thirani madzi otentha, osati owira, m'botolo, likulungeni m'chitenje ndi kuliika m'munsi mwa mchombo kapena kumsana kwa mphindi makumi awiri, n'kubwereza mukafuna. Botolo la pulasitiki la zakumwa limapindika ndi madzi owira ndipo lawotcha ambiri. Ngati kwanu magetsi amathima m'bandakucha, sungiranitu madzi mu fulasiki usiku. Ku saluni mtsikana uja amamangirira botolo m'chiuno uku akuluka, makasitomala osadziwa kanthu.

Mwezi woyamba wotsatira njirayi anafika kuntchito mochedwa, koma anafika. Mwezi wachiwiri sanajombe.

Si onse zimawayendera chonchi, ndipo malire ake ndi miyezi itatu. Ngati mwamwa pa nthawi yake, mlingo wokwanira, kwa misambo itatu koma mukugonabe, tengani kalendala yanu ija ku kiliniki ya khonsolo ya kudera lanu, kapena ku Spilhaus kumene amaona za kulera. Kawirikawiri chotsatira chimakhala mapiritsi olerera kapena njira ina ya mahomoni, imene imapyapyalitsa khungu la m'chiberekero kuti timadzi tija tichepe. Mtsikana wosakwatiwa angathe kupatsidwa mapiritsiwa ngati mankhwala a msambo basi, ndipo amayi kunyumba asathamangire kumuganizira zoipa. Auzeninso anesi ngati muli ndi lupu ya kopa, chifukwa imatha kuwonjezera ululu ndi magazi, makamaka miyezi yoyamba. Ngati munalembedwa ntchito, pemphani kalata ya adokotala, popeza lamulo la ntchito la Zimbabwe limalola tchuti cha matenda cholipidwa ikakhalapo kalatayo.

Ululu wamba wa msambo uli ndi khalidwe lake. Umayamba mtsikana akadali wamng'ono, chaka chimodzi kapena ziwiri atatha msinkhu, umabwera pamodzi ndi magazi, ndipo umazilala pofika tsiku lachitatu. Ululu wosemphana ndi zimenezi ndi wofunika kuunika. Ukamayamba masiku angapo magazi asanabwere, ukamakula chaka ndi chaka, mukamamva kuwawa pogonana kapena pochita chimbudzi nthawi ya msambo, adokotala amaganizira endometiriyosisi, matenda amene khungu lofanana ndi la m'chiberekero limamera kunja kwake. Sikani wamba nthawi zambiri sayaona, choncho kuuzidwa kuti sikani ili bwino sikutseka nkhani. Magazi ochuluka a zibuma, msambo wopyola masiku asanu ndi awiri, kutopa ndi kuyera m'zikope, zimaloza ku zotupa za m'chiberekero, zimene ndi zofala kwambiri pakati pa ife akazi akuda. Mawu oti zidzatha ukadzabereka asungitsa ambiri matenda awiriwa kwa zaka.

Pali zizindikiro zimene sizidikira kucha. Ngati msambo unachedwa kapena unabwera wachilendo, kenako mwamva ululu wobaya mbali imodzi ya m'mimba, chizungulire, kukomoka kapena kuwawa pa nsonga ya phewa, ikhoza kukhala mimba yokhala kunja kwa chiberekero. Ikaphulika magazi amatayikira mkati ndipo munthu amatha kufa m'maola ochepa. Kutentha thupi pamodzi ndi chikazi chonunkha ndi ululu wa m'chinena ndi chizindikiro cha matenda olowa m'chiberekero, amene amafuna mankhwala opha tizilombo tsiku lomwelo, ndipo akalekereredwa amatseka njira za mazira. Chimodzimodzi ngati padi ikudzaza pa ola lililonse kwa maola awiri otsatizana, kapena mukusanza moti ngakhale madzi sakukhala m'mimba.

Zikatere musamwenso piritsi lina n'kumayembekezera. Pezani galimoto ikufikitseni ku chipatala cha Sally Mugabe, chimene ambiri timangoti ku Gomo, kapena ku Parirenyatwa, ndipo musapite nokha. Pofika, mawu oyamba kwa anesi akhale tsiku limene munasamba komaliza.