Mlongoti wa netiweki kwathu ku Dedza

Kwathu kuno ku Dedza phiri limatitchinga, m'nyumba netiweki inkangobwera n'kuthawa. Ndisanagule chilichonse, ndinazungulira panja ndi foni n'kupeza kuti pamwamba pa denga, mbali ya msewu wa M1, imagwira bwino.

Busita, chipangizo chokweza mphamvu ya netiweki, ndinaisiya. Imafuna magetsi nthawi zonse, komanso ikayikidwa molakwika imasokoneza anzako. Zotere yambani mwafunsa a MACRA.

Ndinagula mlongoti wolozera mbali imodzi, n'kuumangirira pamtengo wautali, waya wake n'kulumikiza ku rauta ya 4G, kabokosi kogawa intaneti m'nyumba. Wayayo akhale wamfupi, chifukwa akatalika mphamvu imathera m'njira. Ndinkapotoza mlongotiwo pang'onopang'ono, mwana akuwerenga RSRP, nambala yosonyeza mphamvu ya netiweki, mpaka inakwera kuchoka pa -115 dBm kufika pa -98. Tsopano timaimbirana pa WhatsApp osaduka.