Mzere Wolondola Madontho ndi Tanthauzo la R²

Mukakhala ndi chithunzi cha madontho mu Excel, dinani dontho limodzi ndi batani lakumanja la mausi, musankhe Add Trendline, kenako Linear. Pansi pake chongani Display R-squared value on chart. Chonganinso Display Equation on chart, chifukwa R², nambala yosonyeza mmene madontho ayandikirira mzere, payekha sakuuzani ngati mzerewo ukukwera kapena kutsika.

Tiyerekeze kuti mwaika maola amene ana 5 anawerenga, kuyambira 1 mpaka 5, ndipo malikisi awo ndi 50, 55, 65, 70 ndi 80. Mudzaona izi:

```
y = 7.5x + 41.5
R² = 0.9868
```

Apa ola lililonse likuyendera limodzi ndi malikisi 7.5 owonjezera. Nambala ya 0.9868 ikutanthauza kuti pa kusiyana konse kwa malikisi pakati pa anawa, mzerewu ukufotokoza pafupifupi magawo 99 pa 100 aliwonse. Ikayandikira 1, madontho ali pafupi ndi mzere. Ikayandikira 0, mzerewo sukuthandiza.

Chimene ndikupemphani n'chakuti muziyang'ana madontho enieniwo. Akapindika ngati uta, kukwera kenako kutsika, mzere wowongoka ungapereke R² pafupi ndi 0 ngakhale ubale ulipo wamphamvu. Komanso dontho limodzi lotalikirana ndi anzake lingakweze kapena kugwetsa nambalayi. Mukasintha 80 kukhala 40, R² amagwera pa 0.004 basi. Mukaona zotero, bwererani m'tebulo mukatsimikize ngati nambalayo inalembedwa bwino musanaganize zoichotsa.