Momwe mungaunikire sisitimu ya pa kilaudi potsata mizati isanu

Makampani ena a Amalawi kuno ku Joni, makamaka onyamula katundu kupita ku Blantyre ndi Lilongwe, tsopano amalemba makasitomala ndi malisiti awo pa intaneti. Microsoft ili ndi ndondomeko yotchedwa Azure Well-Architected Framework, yomwe imaunika sisitimu yotere ya pa kilaudi, kutanthauza yoyendera pa maseva a pa intaneti, pa mizati isanu: kudalirika, chitetezo, ndalama, liwiro ndi kayendetsedwe ka ntchito. Tiyerekeze kuti tikuunika kampani yokhala ndi seva imodzi ndi detabesi ya Azure SQL Database m'chigawo cha South Africa North, chomwe chili mu Johannesburg momwe muno.

Choyamba, sankhani ntchito imodzi yomwe ikaima bizinesi nayonso imaima, osati sisitimu yonse. Pa kampani yathuyi, ntchitoyo ndi kulandira katundu, kumulemba ndi kutulutsa lisiti. Konzani pepala la mizere itatu: funso, yankho ndi umboni. Yankho lopanda umboni muliwerenge ngati "ayi", chifukwa mawu akuti "zilipo bwana" sabweza malisiti otayika.

Chachiwiri ndi kudalirika, ndipo apa ndi pomwe muyenera kukhalitsa. Funsani mwini kampani, osati katswiri wa kompyuta, mafunso awiri: ntchito ingaime nthawi yaitali bwanji, ndipo mungalole kutaya zolembedwa za nthawi yaitali bwanji? Akatswiri amatcha yoyambayo RTO ndipo yachiwiriyo RPO. Tinene kuti mwiniwake wati maola 2 pa funso loyamba, ndipo mphindi 15 pa lachiwiri. Azure SQL Database imasunga yokha bakapu ya masiku 7 ngati simunasinthe kalikonse, ndipo imakopera zosintha pafupifupi mphindi 10 zilizonse, choncho mphindi 15 zija n'zotheka. Maola 2 aja ndiye ofunika kuwayesa ndi wotchi m'manja: bwezeretsani detabesi monga inalili dzulo masana, lumikizani pulogalamu ya malisiti, kenako fufuzani lisiti lomwe mukulidziwa. Pano ambiri amadzidzimuka poona kuti kubwezeretsaku kumapanga detabesi yatsopano ya dzina lina, pamene pulogalamu ikulozabe yakale, ndipo wodziwa posinthira ali m'basi ku Beitbridge, foni yake ilibe netiweki. Ngati zonse zatenga maola 5, lembani 5, musalembe 2.

Onaninso malonjezo a makampani okupatsani kilaudi, monga Microsoft. Lonjezo loti sisitimu izigwira ntchito 99.9% ya nthawi limalola kuima kwa mphindi pafupifupi 43 pa mwezi, ndipo zinthu ziwiri zotere, monga seva ndi detabesi, zikamadalirana, zimatsikira pa 99.8%, kutanthauza mphindi pafupifupi 86.

Chachitatu ndi chitetezo. Tulutsani mndandanda wa onse okhala ndi udindo wa Owner kapena Contributor, womwe umalola munthu kusintha zinthu pa Azure, chotsani omwe anasiya ntchito, ndipo otsalawo azitsimikizira ndi foni kuwonjezera pa pasiwedi akamalowa. Popeza malisiti amakhala ndi mayina, manambala a foni, mwinanso a pasipoti, lamulo la South Africa loteteza zinsinsi za anthu lotchedwa POPIA, lomwe linayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 Julaye 2021, likukukhudzani, ndipo liri ndi zofunika kutsata musanatumize zinthuzi kunja kwa dziko.

Chachinayi, phatikizani ndalama ndi liwiro, chifukwa umboni wake ndi umodzi: mmene seva yagwirira ntchito m'miyezi yapitayi. Yambani ndi kulemba lamulo ili mu Azure CLI, pulogalamu yolamulira Azure polemba mawu, kuti muone malangizo ochepetsera bilu:

```
az advisor recommendation list --category Cost
```

Likakuuzani kuti seva ndi yaikulu mopitirira muyeso, musafulumire kuichepetsa. Malangizowa amachokera pa masiku ochepa apitawo, ndipo sadziwa kuti mu Disembala aliyense amatumiza mafiriji, njinga ndi zikwama kumudzi. Yerekezani ndi sabata yotanganidwa kwambiri pachaka. Nthawi zina yankho n'kuichepetsa mu Febuluwale ndi kuikulitsanso mu Novembala.

Chachisanu, pa kayendetsedwe ka ntchito funsani kuti sisitimu ikagwa usiku uthenga umapita kwa ndani, ndiponso ngati njira yobwezeretsera ija inalembedwa moti munthu wachiwiri angaitsate yekha.

Mukamaliza, mudzapeza kuti mizati ija ikukokana. Kusunga kope la detabesi ku South Africa West, ku Cape Town, kumateteza chigawo chonse cha Johannesburg chikagwa, koma kumakweza bilu ya mwezi, ndipo chigawocho chimafuna kupempha chilolezo kaye. Kwa ine, kampani yomwe ingathe kulemba malisiti pamanja kwa tsiku limodzi ingasiye zimenezo, bola mwiniwake asaine kuti wavomera chiopsezocho. Pa zofooka zotsalazo sankhani zitatu zokha, lembani dzina la wokonza ndi tsiku lomalizira pa chilichonse, ndipo mubwereze kuyesa bakapu mu Okutobala, katundu wa Khirisimasi asanayambe kuchuluka.